Mwagula pa 31 Meyi, banki yalemba 2 Juni: mmene mungayanjanitsire sitetimenti ndi kabuku kanu

Mwezi ukatha, anthu amene amalemba zogula zawo m'kabuku kapena kusunga malisiti amakumana ndi chinthu chozunguza mutu. Kabuku kakunena kuti mwatsala ndi ndalama zakuti, sitetimenti ya ku banki ikunena zina, ndipo mukayang'ana pa foni mukupezanso nambala yachitatu. Ena amafulumira kuganiza kuti banki yawadula ndalama mwachinsinsi. Ena amasangalala poona kuti ku akaunti kwatsala zambiri kuposa zomwe amayembekezera, n'kuzigwiritsa ntchito, kenako Lolemba n'kupeza kuti zinali ndi eni ake kale.

Nthawi zambiri palibe amene waba ndipo palibe amene walakwitsa masamu. Chomwe chachitika n'chakuti inu mumalemba tsiku lomwe munagula, pamene banki imalemba tsiku lomwe ndalamayo inalowa m'mabuku ake. Pakati pa mwezi kusiyana kumeneku sikuvuta munthu. Kumavuta pa malire a mwezi, pamene chinthu chogulidwa mu Meyi chikukagwera pa sitetimenti ya Juni.

## Masiku awiri a malipiro amodzi

Pa sitetimenti zambiri pamakhala mizere iwiri ya madeti. Mzere wolembedwa "Transaction Date" umasonyeza tsiku lomwe munalipira. Wolembedwa "Posting Date" umasonyeza tsiku lomwe banki inalemba malipirowo ku akaunti yanu n'kusintha ndalama zotsala. Mabanki ena amaika "Value Date", lomwe ndi tsiku lomwe banki imayambira kuwerengera kuti ndalamayo yachoka kapena yalowa, makamaka powerengera chiwongoladzanja. Pali sitetimenti zina zomwe zimaonetsa deti limodzi lokha, ndipo tsiku logulira limabisika m'mawu ofotokoza malipirowo, pafupi ndi dzina la sitolo. Musanayambe kuwerengera chilichonse, dziwani kaye kuti sitetimenti yanu yasanjidwa potengera deti liti. Kawirikawiri banki imadula mwezi potengera tsiku lomwe inalemba, osati lomwe munagula.

Kuti timvetse chifukwa chake masikuwa amasiyana, tione zomwe zimachitika mukaswaipa khadi pa makina a POS. Ntchitoyi imakhala ndi magawo awiri. Gawo loyamba limatenga masekondi ochepa: makinawo amafunsa banki yanu ngati khadiyo ili yabwino komanso ngati ndalama zilipo, banki n'kuvomera. Apa m'pamene mumalandira uthenga pa foni ndipo lisiti limatuluka. Koma pa malipiro ambiri odutsa ku Visa kapena Mastercard, banki imakhala yangogwira ndalamayo kuti musaigwiritse ntchito kwina. Gawo lachiwiri limabwera pambuyo pake, wogulitsa akatseka malonda a tsikulo pa makina ake n'kutumiza mndandanda wonse ku banki yake. Banki ya wogulitsayo imaitanitsa ndalamazo ku banki yanu, ndipo m'pamene malipiro aja amalembedwa mokhazikika pa sitetimenti.

Zili ngati thumba la chimanga lomwe mwagulitsa kale koma wogulayo sanabwere ndi ngolo kudzatenga. Wina akalowa m'nyumba n'kuwerenga matumba adzapeza khumi, ndipo sakunama. Inu mukudziwa kuti anu ndi asanu ndi anayi, ndipo nanunso simukunama. Nambala yomwe foni imaonetsa pa "Available Balance" ili ngati matumba asanu ndi anayi aja, ndalama zomwe mungathe kugwiritsa ntchito banki itachotsa zomwe yagwira. Yomwe ili pa "Current Balance" kapena "Ledger Balance" ndi matumba khumi, zomwe zili m'mabuku a banki pa nthawiyo. Sitetimenti ya kutha kwa mwezi imatenga yachiwiriyi.

Si malipiro onse amene amachedwa. Kutapa ndalama pa ATM ya banki yanu yomwe, kutumiza ndalama ku akaunti ya banki yomweyo, kapena kulipira ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, kawirikawiri zimalembedwa nthawi yomweyo. Kuno kwathu makina a ATM ndi a POS a mabanki osiyanasiyana analumikizidwa kudzera ku National Switch, choncho malipiro ambiri a m'dziko momwemuno amaoneka msanga. Komabe ngakhale amenewa amatha kudumphira tsiku lina, chifukwa tsiku la banki silitha pakati pa usiku ngati la kalendala. Banki imakhala ndi ola lomwe imatseka mabuku a tsikulo, ndipo zochitika pambuyo pa olalo zimatha kupatsidwa deti la tsiku logwira ntchito lotsatira. Mukaphatikizapo Loweruka, Lamulungu ndi maholide, malipiro a Lachisanu madzulo atha kuoneka Lolemba kapena Lachiwiri. Zogula pa intaneti kunja zili ndi vuto lina lowonjezera la kusiyana kwa nthawi. Mukagula 6 koloko m'mawa pa 1 Juni muli ku Blantyre, ku California kumakhala kukadali 9 koloko usiku wa pa 31 Meyi, ndipo lisiti la wogulitsa litha kukhala ndi deti la kumeneko.

## Tiyeni tiwerengere mwezi umodzi

Tiyerekeze mayi wina wa pa ntchito amene amalemba m'kabuku ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ku akaunti yake, pa tsiku lomwe chinthucho chachitika. Ndalama zomwe titchule pano ndi zongopangira chitsanzo, koma madeti ndi a kalendala ya 2025. Mwezi wa Meyi chaka chimenecho ndi wabwino kuphunzirirapo chifukwa malire ake onse awiri ndi ovuta: unayamba Lachinayi pa 1 Meyi, lomwe ndi holide ya anthu apantchito, ndipo unatha Loweruka pa 31.

Pa 30 Epulo kabuku ka mayiwa kanatseka ndi K412,000. Mu Meyi analandira malipiro a K650,000, ndipo Loweruka pa 31 mchimwene wawo anawatumizira umboni pa foni woti wawatumizira K80,000 kuchokera ku banki ina, iwo n'kulemba. Zotuluka zonse za mu Meyi m'kabukumo zinakwana K735,400. Choncho kabuku kakuti atsala ndi K406,600.

Sitetimenti itabwera, ikusonyeza kuti pa 31 Meyi ku akaunti kunali K437,350. Nambala ziwirizi zasiyana ndi K30,750.

Cholakwika chomwe ambiri amachita apa ndi kuyamba kusakasaka lisiti la K30,750. Lisiti lotero kulibe. Nambalayi ndi zotsalira za zinthu zingapo, zina zokweza ndi zina zotsitsa, zomwe zadyana. Kusiyana kwakung'ono sikutanthauza kuti vuto ndi laling'ono, chifukwa malipiro awiri aakulu osoweka mbali zosiyana atha kusiya kusiyana kwa makwacha ochepa okha.

Poyambira pabwino ndi kumutu kwa sitetimenti, osati kumunsi. Sitetimenti ya mayiwa ikutsegula mwezi ndi K470,500, pamene kabuku kanatsegula ndi K412,000. Ndiye kuti mwezi usanayambe n'komwe panali kale kusiyana kwa K58,500. Akayang'ana mizere yoyambirira akupeza K58,500 yolembedwa pa 2 Meyi, ya zinthu zomwe anagula m'sitolo Lachitatu madzulo pa 30 Epulo. Iyi ili kale m'kabuku pa tsamba la Epulo. Ntchito yake ndi kungoichonga kuti yafika, osailembanso mu Meyi. Amene amailembanso amakhala atadzichotsera ndalama imodzi kawiri, ndipo kabuku kawo kamakhala kotsalira mpaka kalekale.

Kenako amatenga sitetimenti ndi kabuku n'kuyenda mzere ndi mzere, kuchonga mbali zonse ziwiri malipiro alionse amene apezana. Pofananitsa, yambani ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako dzina la wogulitsa, deti likhale lomaliza. Lolani deti lisiyane ndi masiku angapo, bola la banki likhale pambuyo pa lanu kapena lofanana nalo. Dzina nalonso lisakudabwitseni, poti pa sitetimenti pamatha kuoneka dzina la kampani yomwe ndi mwini wa sitoloyo, osati lomwe lili pa chikwangwani. Kumene kumafunika kusamala kwambiri ndi pa ndalama zofanana, monga mutatapa K50,000 kangapo m'mwezi womwewo. Pamenepo deti silikwanira kukuuzani kuti iyi ndi iti, ndipo chothandiza ndi nambala za pa lisiti, zomwe zimalembedwa kuti "RRN", "Ref" kapena "Auth Code". Mabanki ambiri amaonetsa ina mwa nambalazi pa sitetimenti.

Akamaliza kuchonga, mayiwa akutsala ndi zinthu zisanu zopanda mnzake, ndipo zikugawika m'magulu awiri. M'kabuku mwatsala zitatu zomwe banki sinalembe: K46,200 ya ku sitolo Lachisanu madzulo pa 30 Meyi, K70,000 ya mafuta a galimoto Loweruka pa 31, ndi K80,000 ya mchimwene uja. Pa sitetimenti patsala ziwiri zomwe kabuku sikakuzidziwa: K4,300 yomwe banki inadula ngati ndalama ya ntchito zake, ndi K1,150 yowonjezera pa chinthu cha madola 20 chomwe anagula pa intaneti. Iwo analemba K35,000 potengera uthenga wa pa foni, koma banki inalemba K36,150.

Magulu awiriwa sasamalidwa mofanana, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yonse. Zomwe zili pa sitetimenti koma mulibe m'kabuku ndi nkhani yatsopano kwa inu, choncho mumakonza kabuku. Zomwe zili m'kabuku koma palibe pa sitetimenti ndi zoti zikadali panjira. Kabuku kakunena zoona pa zimenezi, ndiye simukakhudza. Mumangotenga pepala lapadera n'kuwerengera kuti sitetimenti ikanasonyeza chiyani zikanakhala kuti zafika.

Mbali ya kabuku: K406,600 kuchotsa K4,300 kuchotsanso K1,150, zitsala K401,150.

Mbali ya sitetimenti: K437,350 kuphatikiza K80,000 yomwe ikubwera ndi K517,350. Kuchotsa K46,200 ndi K70,000 zomwe zikupita, zitsala K401,150.

Mbali ziwirizi zakumana pa nambala yomwe sinali m'kabuku ndipo sinalinso pa sitetimenti. K401,150 ndiye ndalama zenizeni za mayiwa polowa mu Juni, ndipo ngakhale pamenepo K80,000 sanaigwire m'manja. Akanakhulupirira K437,350 ya pa sitetimenti akanadziwerengera K116,200 ya eni sitolo ndi eni mafuta ngati yawo.

## Ndiye mwezi wa Meyi anawononga zingati?

Funsoli ndi lomwe limapweteka anthu a bajeti ndi a mabizinesi ang'onoang'ono. Munthu akangophatikiza zotuluka zonse za pa sitetimenti ya Meyi apeza K683,150. Koma m'menemo muli K58,500 ya mu Epulo, ndipo mulibe K116,200 ya masiku awiri omaliza a Meyi. Zomwe mayiwa anawonongadi mu Meyi ndi K740,850, kutanthauza K735,400 ya m'kabuku pamodzi ndi K5,450 yomwe aitulukira pa sitetimenti. Kusiyana kwa K57,700 n'kokwanira kumuchititsa munthu kuganiza kuti mwezi uno wadziletsa, pamene wangokankhira zogula zake ku tsamba lotsatira.

Ine ndimaona kuti pa bajeti ya pakhomo komanso pa mabuku a bizinesi, tsiku logulira ndilo loyenera kutsatira, chifukwa ndi lomwe lili pa lisiti ndipo ndi lomwe katunduyo analowa m'manja mwanu. Tsiku la banki limathandiza pa funso lina, loti ndalama zinalipo zingati ku akaunti pa tsiku lakuti. Ena amasankha kutsatira tsiku la banki pa zonse pofuna kuchepetsa ntchito, ndipo njirayi imathekanso bola osaisintha pakati pa chaka. Chomwe chimaononga mabuku ndi kusakaniza, mwezi uno deti la lisiti, mwezi wamawa deti la banki, chifukwa pamenepo malipiro ena amawerengedwa kawiri ndipo ena sawerengedwa n'komwe. Njira yosavuta ndi kukhala ndi mizere iwiri m'kabuku: wa tsiku logula, womwe mumalemba pomwepo, ndi wa tsiku lomwe banki yalemba, womwe mumadzaza sitetimenti ikabwera. Malo alionse opanda kanthu mu mzere wachiwiriwo ndi mndandanda wanu wa zomwe zili panjira.

Ndipo musagwe m'chiyeso chosintha deti m'kabuku kuti lifanane ndi la banki, kapena kuika mzere wa "zina ndi zina" wongotsekera kusiyana. Masamu adzaoneka okoma tsiku limenelo, koma mwakwirira chinthu chomwe mwina chinali malipiro obwerezedwa.

## Za madola zija

K1,150 ija ikufunika mawu pang'ono chifukwa ndi pamene kusiyana kwa masiku kumasintha ndalama yeniyeniyo, osati deti lokha. Mukagula chinthu cha mtengo wa madola, mapaundi kapena marandi, banki imagwira makwacha mongoyerekeza potengera mtengo wosinthira ndalama wa tsikulo. Polemba mokhazikika imatha kugwiritsa ntchito mtengo wa tsiku lomwe malipirowo akonzedwa, ndipo imatha kuwonjezerapo ndalama ya ntchito yosinthira. Nthawi zambiri kusiyana kumakhala kochepa, koma kwacha ikatsika mphamvu pakati pa masiku awiriwo kumakula. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi pafupifupi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo pa nyengo ngati imeneyo malipiro amene agwidwa lero n'kulembedwa mkuja atha kudula kwambiri kuposa zomwe uthenga wa pa foni unanena. N'chifukwa chake pa zogula zakunja ndi bwino kulemba m'kabuku mtengo wa m'madola pambali pa makwacha, kuti mudzathe kuzindikira malipirowo ngakhale nambala ya makwacha itasintha.

## Mbali ziwiri zikakana kukumana

Mukachita zonsezi n'kutsalabe kusiyana, nambala yotsalayo imatha kukulozerani kumene kuli vuto. Ikakhala yogawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri ndiye kuti munasinthanitsa manambala awiri polemba. Mwachitsanzo, kulemba K42,600 m'malo mwa K46,200 kumasiya K3,600, ndipo 3,600 kugawa ndi 9 ndi 400 ndendende. Ikakhala kuti theka lake ndi ndalama yomwe mukuidziwa, ndiye kuti munaika chinthu kumbali yolakwika, monga kuchotsa K80,000 m'malo moiphatikiza, zomwe zimasiya K160,000. Ikafanana ndendende ndi lisiti limodzi, fufuzani ngati linalembedwa kawiri, kaya ndi inu kaya ndi banki. Ikafanana ndi kusiyana komwe kunalipo poyamba mwezi, ndiye kuti zotsalira za mwezi wathawo simunazichonge bwino.

## Kuchedwa wamba ndi vuto lenileni

Mawu oti "zili panjira" ali ndi malire. Chinthu chomwe mwachiika pa mndandanda wa zoyembekezera chiyenera kuoneka m'masiku oyambirira a mwezi wotsatira, ndipo simukufunika kudikira sitetimenti ina kuti mudziwe. Pa chitsanzo chathu, mayi aja atha kutsegula foni chapakati pa sabata yoyamba ya Juni n'kuona ngati K46,200, K70,000 ndi K80,000 zalembedwa.

Ndalama yolowa ndi yomwe imafunika kuilondola msanga. Umboni wa pa foni woti wina watumiza si ndalama. Kutumiza pakati pa mabanki kuli ndi njira zapompopompo ndi zina zodikira tsiku logwira ntchito, koma masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito akadutsa isanafike, funsani wotumizayo nambala ya malipirowo ndipo aonenso ngati sinabwerere ku akaunti yake chifukwa cha nambala ya akaunti yolakwika. 

Ndalama yotuluka ikachedwa, anthu amakonda kuona ngati mwayi. Zimachitika kuti wogulitsa achedwa kutumiza mndandanda wake, banki n'kumasula ndalama yomwe inagwira, "Available Balance" n'kukwera. Ngongoleyo sinafe. Malipirowo atha kudzatulukira patapita milungu, ndipo akapeza akaunti ilibe kanthu mutha kulipitsidwa ndalama zina. Asiyeni pa mndandanda ndipo ndalama yake musaikhudze. Mahotela ndi makampani obwereketsa magalimoto nawonso amatha kugwira ndalama yoposa bilu ngati chikole, yomwe imatsitsa "Available Balance" yanu koma siyenera kulembedwa pa sitetimenti. Choyenera kulembedwa ndi bilu yeniyeni yokha.

Palinso malipiro olephereka: makina a POS akana kapena ATM sinatulutse ndalama, koma uthenga wabwera woti zachoka. Zikatere pa sitetimenti pamatha kuoneka mizere iwiri, wochotsa ndi wobwezera, womwe nthawi zambiri umalembedwa "Reversal". Zikachitika pa 30 kapena 31, wochotsa utha kugwera mwezi uno, wobwezera mwezi wamawa. Pa pepala lanu muilembe ngati ndalama yomwe mukuyembekezera kuchokera ku banki, osati ngati yomwe mwawononga, ndipo kalisiti kosonyeza kuti makina anakana mukasunge. Ngati munaswaipa kachiwiri kuti mulipire katundu yemweyo, yang'anani nambala za "Auth Code": mizere iwiri ya ndalama yofanana popanda wobwezera ndiye kuti mwalipira kawiri.

Chomwe sichingafotokozedwe ndi kuchedwa ndi malipiro amene ali pa sitetimenti koma mulibe lisiti lake, simukuwakumbukira, ndipo palibe pa mndandanda wa mwezi wathawo. Amenewo musawadikire kuti adzikonze okha. Imbani foni ku banki tsiku lomwelo, ndipo ngati mukukayikira kuti wina ali ndi nambala za khadi yanu, pemphani kuti aitseke. Madandaulo a malipiro a khadi ali ndi nthawi yake yowaperekera, choncho kuchedwa kutha kukutayitsani mwayi wobwezeredwa. Popereka dandaulo tchulani madeti onse awiri, la kugula ndi la kulembedwa, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wogulitsa monga lalembedwera pa sitetimenti, ndi nambala ya malipirowo, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Banki ikalephera kukuthandizani, nkhaniyo mutha kupita nayo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu.